Refarensi kapena kodi ya QR pa invoisi: choyamba nchiti?

*Ndili ndi shopu ya holoselo ku Kamwala mu Lusaka, ndimapereka mafuta ophikira ndi shuga m'magolosale a ku Matero, Chilenje ndi Kabwata. Ambiri amalipira kudzera ku banki, koma pa sitetimenti sindidziwa kuti ndalama iyi ndi ya ndani, ndiye katundu amachedwa kunyamuka. Mwana wanga akuti tiike kodi ya QR pa invoisi. Kodi ndalama zizifika msanga? — Mayi wa ku Kamwala*

Amayi, liwiro la ndalama limadalira njira imene wolipirayo wasankha. Akatumiza kuchokera ku banki yomwe inunso muli, kapena kudzera pa National Financial Switch, njira yolumikiza mabanki ndi makampani a ndalama za pafoni, nthawi zambiri zimalowa pompopompo. Akasankha EFT wamba, njira yotumizira ndalama ku banki ina imene imadutsa ku ZECHL, kampani yopititsa malipiro pakati pa mabanki, m'magulumagulu pa masiku a ntchito, zotumizidwa Lachisanu madzulo mungazione Lolemba. RTGS, njira inanso ya pakati pa mabanki imene Bank of Zambia imayendetsa, imafika tsiku lomwelo ngati yatumizidwa nthawi yotsekera isanakwane. Refarensi, nambala yozindikiritsa imene wolipira amalemba potumiza ndalama, ngakhale QR sizisintha chilichonse pamenepa. Chimene zimafupikitsa ndi nthawi ija ndalama zili kale mu akaunti yanu koma inu mukuimba mafoni kufunsa mwiniwake, galimoto itaima panja. Choncho yambani ndi refarensi, chifukwa siidya ngwee ndipo imagwira pa njira zonsezi.

Refarensi yabwino ndi yaifupi, ya manambala okhaokha, yopanda mipata kapena timizere. Ya mtundu wa `INV/2025/KML/000412` imakongola papepala, koma bokosi lolembamo pa apu ya banki lili ndi malire a zilembo, ndipo mabanki ena amakana kamzere kopendekeka kapena kudula mchira wa mawuwo pa sitetimenti. Mchirawo ndiwo unanyamula nambala ya invoisi. Mumatsala ndi `INV/2025/KM` pa malipiro onse, zomwe sizikuuzani kanthu.

Chitani chonchi. Kasitomala aliyense mumupatse nambala yake ya madijiti awiri, kuyambira pa 10, osati 01, chifukwa Excel imameza ziro wa kutsogolo. Tinene kuti golosale ya ku Matero ndi 27, ndipo invoisi yake ya lero ndi 0412. Mukalumikiza mupeza 270412. Tsopano gawani nambalayi ndi 97: ilowa ka 2,787 n'kutsala 73. Yotsalayo muiike kumapeto, refarensi ikhale 27041273.

Madijiti awiri otsirizawo ndiwo mlonda wanu. Munthu wolemba pafoni ali pakauntala, makasitomala akumuitana, amakonda kusinthanitsa manambala oyandikana. Akalemba 27042173, mukagawa 270421 ndi 97 patsala 82, osati 73, ndipo mudziwa kuti palakwika musanafufute ngongole ya invoisi 0421, imene mwina ndi ya munthu wina. Simufunika kuwerengera pamanja. Mu Excel, nambala ya madijiti sikisi ikakhala m'bokosi A2, fomula yoyambayi imapanga refarensi, ndipo yachiwiri imayesa imene mwakopera ku sitetimenti n'kuika mu C2:

```
=A2&TEXT(MOD(A2,97),"00")
=MOD(VALUE(LEFT(C2,6)),97)=VALUE(RIGHT(C2,2))
```

Ikayankha `FALSE`, yang'anani madijiti awiri oyamba ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako muimbire munthu mmodzi yekhayo.

Pamene ambiri amagwa ndi pa bokosi lolembamo. Maapu ambiri a banki ali ndi mabokosi awiri, lina lolembedwa ngati `My reference`, lina `Beneficiary reference` kapena `Narration`. Loyambalo limaoneka pa sitetimenti ya wolipira yekha. Kasitomala amalumbira kuti analemba nambala, ndipo sakunama, koma anailemba m'bokosi limene inu simuliona. Ndiye pa invoisi musangoti "ikani refarensi". Pansi penipeni pa ndalama yofunika kulipira jambulani bokosi, mulembemo dzina la akaunti monga lilili ku banki, dzina la banki, nthambi ndi `Sort code` yake, nambala ya akaunti, kenako refarensi m'zilembo zazikulu, ndi chiganizo chimodzi: "Lembani 27041273 yokha m'bokosi la wolandira, musaonjezepo dzina kapena mawu ena." Palinso msampha kwa amene anakusungani kale pa apu ngati wolandira wa nthawi zonse, chifukwa refarensi ya mwezi watha imabwera yokha ndipo amangodina kutumiza. Apa mpamene nambala ya kasitomala imakuombolani: invoisi ndi yakale, koma 27 akukuuzani kuti ndi a ku Matero. Wolipira mainvoisi atatu pakamodzi alembe refarensi ya invoisi yakale kwambiri, mndandanda wa enawo atumize pa uthenga.

Tsopano za QR ya mwana wanu. Kodiyi ndi mawu chabe osandutsidwa timabokosi, ndipo imalipiritsa pokhapokha apu ya wolipirayo ikudziwa kuwerenga kalembedwe kake. Mukapanga nokha pa intaneti n'kuikamo nambala ya akaunti, kamera ya foni ingoonetsa manambalawo, apu ya banki siidzaza kanthu. Yogwira ntchito imachokera ku banki yanu kapena ku kampani ya ndalama za pafoni, mutalembetsa ngati wamalonda. Ndipo ngati muli pa VAT n'kumatulutsa mainvoisi pa Smart Invoice ya ZRA, kodi imene imasindikizidwa pamenepo ndi yotsimikizira kuti invoisiyo ndi yeniyeni, si yolipirira. Mukaika yachiwiri, ilembeni pansi pake kuti "Sikanani apa polipira", ndipo ziwirizo zitalikirane.

Pokafunsa ku banki, funso lalikulu ndi lakuti kodi akukupatsani yokhazikika kapena yosintha. Yokhazikika ndi ija yomata pakauntala: imanyamula dzina ndi nambala yanu basi, wolipira amalemba yekha ndalama, ndipo vuto lanu la "iyi ndi ya ndani" likhalapobe. Yosintha imapangidwa pa invoisi iliyonse, mkati mwake muli kale K4,850 ndi 27041273, moti wolipira amangoona dzina lanu n'kuika pini. Imeneyi ndiyo yothandiza, koma imafuna kuti pulogalamu yanu ya mainvoisi ilumikizidwe ndi banki kapena muziipanga pamanja nthawi zonse. Funsaninso za maapu amene amaiwerenga, chindapusa chimene amadula pa malipiro alionse, malire a ndalama pa tsiku, ndi tsiku limene ndalamazo zimalowa mu akaunti yanu, popeza za wamalonda nthawi zina zimayamba zaunjikidwa kaye.

Kunena zoona, kwa holoselo ngati yanu QR ndi yothandizira chabe. Invoisi yotumizidwa pa WhatsApp imatsegulidwa pafoni yomweyo yolipirira, ndipo foni siingadzijambule yokha pokhapokha apuyo ikulola kusankha chithunzi. Kampani yokhala ndi akauntanti imalipira pakompyuta, osasikana kanthu. Papepala, kodiyo ikhale masentimita atatu mbali zonse, yakuda pa zoyera, ndi mpata woyera mozungulira; chidindo chisaiphimbe, ndipo pa kope la kaboni kapena risiti yofufuma siiwerengeka.

Musanauze makasitomala onse, pemphani mwana wanuyo akutumizireni K10 katatu, kuchokera ku banki yanu, ku banki ina, ndi ku Airtel Money kapena MTN MoMo, akulemba refarensi ya madijiti eyiti. Onani pa sitetimenti ngati yafika yathunthu. Njira imene yaitaya, uzani oigwiritsa ntchito kuti azitumiza nambala ya uthenga wotsimikizira, ndipo katundu azinyamuka ndalama zikaoneka mu akaunti, osati pa chithunzi cha risiti.