Ndigule buku liti la kaphikidwe ndapezeka ndi shuga?

"Moni achimwene. Ndine mayi wa zaka 48, ndimakhala ku Area 25. Sabata yatha andipeza ndi shuga, andipatsa metifomini ndi tina timapilisi ting'onoting'ono totchedwa gilibenkilamaidi, nkungondiuza kuti siyani shuga, muzidya mgaiwa. Mwana wanga akufuna andigulire buku la kaphikidwe ka anthu a shuga koma amene taona ndi a zakudya za azungu zokhazokha. Lilipo buku labwino loti ndingatsatire? Pano ndikuopa kudya chilichonse."

Zikomo mayi polemba. Mwanayo ayambe wasunga kaye ndalamayo, agule sikelo yaing'ono ya kukhitchini ndi kope la sukulu, buku libwere pambuyo. Ndifotokoza chifukwa chake.

Mabuku ambiri amene mungawapeze pa kaunjika wa mabuku mu Old Town, kapena ku laibulale ya National Library ku City Centre, analembedwa ku Amereka, ku Britain kapena ku Joni. Si oipa ayi, ena ndi abwino zedi, koma mukatsegula mupeza bulokoli, tchizi, nsomba za m'nyanja zamchere, miyezo yake makapu ndi maaunsi, nsima mulibemo olo tsamba limodzi, pamene nsima ndi imene ikukweza shuga wanu kawiri patsiku. Ndiye buku lotere musaliwerenge ngati mndandanda wa zoti mukagule ku shopu. Chimene mukufunamo ndi nambala imodzi basi. Pansi pa chakudya chilichonse, buku labwino limalemba kuti mbale ya munthu mmodzi ili ndi magalamu angati a makabohaidireti, mawu ake mudzaona alemba `carbohydrate per serving`. Makabohaidireti ndi sitachi ndi shuga pamodzi, zonse zimene zikalowa m'mimba zimasanduka shuga wa m'magazi. Buku lopanda nambala imeneyo lisiyeni pomwepo, olo zithunzi zake zikongole bwanji. Ndipo likalemba kuti `sugar free` lokha osatchula sitachi, wolembayo sakudziwa matenda anu, chifukwa sikono yopanda shuga imakwezabe shuga bwinobwino, ufa wa tiriguwo ndi wodzadza ndi sitachi.

Mabuku ambiri a shuga wa akuluakulu ngati wanuyu amayambira pa magalamu 45 mpaka 60 pa chakudya chimodzi, ndipo amawerenga magalamu 15 ngati gawo limodzi. Sikuti ndi lamulo kwa aliyense, a kuchipatala atha kukuwonjezerani kapena kuchepetsa potengera thupi lanu ndi ntchito imene mumagwira, koma poyambira mpamenepo. Silaisi imodzi ya buledi ndi cha m'ma 15. Mpunga wophika wosakwana theka la kapu, gawo limodzi mwa magawo atatu, ndi 15. Botolo la kokakola la mamililita 300 lili ndi shuga wopitirira magalamu 30, ngati masupuni aang'ono 8.

Tsopano nsima, poti mabukuwo saitchula, muiwerengera nokha ndipo sizovuta. Ufa wa chimanga wouma magalamu 100 umakhala ndi makabohaidireti pafupifupi 75. Madzi alibe kanthu. Ndiye tsiku lina musanaphike ikani ufa wonse umene mugwiritse ntchito pa sikelo, wa phala loyambira ndi wothira povundula womwe. Tinene kuti wakwana theka la kilo, magalamu 500. Ndiye kuti mumphikamo muli 375. Mwaomola ndi chipande chanu cha masiku onse mwapeza mitanda 8. Gawani 375 ndi 8, mtanda umodzi ukubwera pafupifupi 47. Mwaona? Mtanda umodzi wokha wafika kale pa mulingo wa chakudya chonse, ndiye munthu amene amadya mitanda itatu wameza cha m'ma 140 pakamodzi, ndiwo tisanaziwerenge nkomwe. Chipande chanu chitha kukhala chachikulu kapena chaching'ono kuposa chitsanzochi, nchifukwa chake ndikuti muyeze nokha. Mukayeza kamodzi basi mwadziwa, lembani patsamba loyamba la kope lija, simudzafunikanso kumayeza tsiku ndi tsiku pokhapokha mutasintha chipande.

Apa ndi pamene nkhani ya mgaiwa imasokoneza anthu ambiri. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, shuwa, chifukwa gaga sanachoke ndiye umagayika pang'onopang'ono ndipo munthu umakhuta nthawi yaitali. Koma sitachi wake sasiyana kwenikweni ndi wa woyera. Anthu amamva kuti "muzidya mgaiwa" nkumaganiza kuti apatsidwa chilolezo, mitanda itatu yomwe ija koma ya mgaiwa, kenako akapita ku kiliniki shuga ali pamwamba nkumati mankhwala sakugwira. Mawere ndi mapira chimodzimodzi, kondowole nde usanene. Thobwa ndi maheu ndi nsima yomwa, zambiri zothira shuga pamwamba. Uchi nawo ndi shuga, shuga wabulauni ndi shuga, asakunamizeni a pa msika.

Chinthu china chimene pafupifupi buku lililonse labwino lili nacho ndi chithunzi cha mbale yogawidwa. Bungwe la American Diabetes Association ndi limene limaiphunzitsa kwambiri njira imeneyi: mbale ya mainchi 9, kuno tinene masentimita 23, theka lonse masamba, kota nyama kapena nsomba kapena mazira, kota yotsalayo sitachi. Ichi chokha chimasamukira ku Lilongwe popanda vuto. Theka la masambalo ndi bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, lepu, kholowa, khwanya, therere, kabichi, zimene zili mbwee ku msika wa Lizulu kapena kuseri kwa nyumba dzinja likafika. Kota ya ndiwo ndi usipa, matemba, bonya, mazira, nkhuku, masoya pisi. Vuto lathu ife mbaleyi timaitembenuza, nsima phiri, masamba kasupuni kongonyowetsera mbamu. Ndiye ntchito yeniyeni ili pophika masamba ochuluka kuposa kale, mwina kawiri katatu, ndipo kutendera ndi nsinjiro palibe choletsa bola musadzaze, mchere ndi mafuta muchepetse poti shuga amakonda kuyenda ndi bipi.

Chenjerani ndi zinthu zimene zimaoneka ngati za ku masamba koma ndi za ku kota ya sitachi: mbatata, mbatatesi, chinangwa, chimanga chootcha, nthochi zophika. Mukadya futali, ndiye nsima yanu imeneyo, osati futali kenako nsima. Nyemba, nandolo ndi khobwe zili pakatikati, zimamanga thupi koma theka la kapu yophika lili ndi makabohaidireti cha m'ma 20, ndiye tsiku la nyemba mtanda uchepe pang'ono. Zipatso musasiye, koma bango limodzi laling'ono, osakhala pansi pa mtengo ndi beseni.

Za kwathu kuno zolembedwa zilipo ziwiri zoti muzidziwe. Tchati cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya chimene chimakhomedwa m'zipatala ndi ku sikelo ya ana ndi chothandiza pa kasinthasintha, koma sichinapangidwire odwala shuga, sichikuuzani kuchuluka kwake. Chachiwiri ndi Malawian Food Composition Table ya 2019, imene akatswiri a ku LUANAR anagwira nawo ntchito yoikonza. Si buku la kaphikidwe ayi, ndi matebulo a manambala okhaokha, otopetsa kuwerenga, koma muli zakudya zathu ndi zimene zili mu magalamu 100 a chilichonse. Mwana wanu alisake pa intaneti ndi dzina lomwelo, akukopereni zakudya khumi kapena khumi ndi zisanu zimene mumadya kawirikawiri mu kope lija, zina zonsezo asiye. Maphikidwe aulere okhala ndi nambala pansi pake alinso pa webusaiti ya Diabetes UK ngati mukufuna kutengako nzeru za kadzutsa.

Pali mabuku ena amene ndikupemphani musawayandikire, makamaka amene amayenda pa WhatsApp, olonjeza kuti shuga atheratu m'masiku owerengeka mukasiya sitachi yense, kapena mukamasala kudya tsiku lonse, kapena mukamamwa madzi a therere ndi masamba akutiakuti nkutaya mapilisi. Kwa inuyo nkhaniyi ndi yoopsa chifukwa cha timapilisi ting'onoting'ono tija. Metifomini payekha sagwetsa shuga kawirikawiri, koma gilibenkilamaidi amakankha thupi kutulutsa insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. Ndiye mawu anu oti mukuopa kudya andidetsa nkhawa kuposa funso la bukulo. Mukamwa pilisi nkudumpha chakudya, shuga atha kutsika pansi pa 3.9 pa kamashini koyezera shuga, mumayamba kunjenjemera, thukuta, njala yoopsa, mtima kugunda fasta, mutu kusokonezeka, ena mpaka kukomoka. Zizindikirozi zikangoyamba imwani pompo madzi osungunuliramo masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera, dikirani mphindi 15, ngati simunakhale bwino bwerezani, kenako idyani chakudya chenicheni. A pakhomo panu onse azidziwe zimenezi, ndipo m'chikwama muzikhala maswiti. Mukamachepetsa nsima, auzeni a ku kiliniki kuti mwachepetsa chifukwa mwina nawo mulingo wa mapilisi ufunika kutsika. Komanso akakuuzani kuti impso zili ndi vuto, malamulo a chakudya amasintha ndipo buku wamba la shuga silikuthandizani.

Ngati thumba lingalole, kamashini koyezera shuga ndi kamene kangakuuzeni ngati bukulo likunena zoona pa thupi lanu. Masitiripi, timapepala todonthezerapo magazi, ndi odula, ndiye musamangobaya mwachisawawa. Sankhani chakudya chimodzi, yezani musanadye, yezaninso patatha maola awiri kuchokera pa mbamu yoyamba. Mabuku ambiri amati musanadye zikhale pakati pa 4.4 ndi 7.2, mutadya zisafike 10. Tinene Lolemba masana mwadya mitanda iwiri ndi nyemba, musanadye 7, pambuyo pake 13. Lachinayi bwerezani ndiwo zomwezo koma mtanda umodzi ndi nkhwani wodzadza theka la mbale, muone nambala ikhala pati. Lembani zonse, tsiku, chimene mwadya, manambala awiriwo. Sabata inayo muyese kadzutsa, phala la mgaiwa ndi nsinjiro tsiku lina, mbatata ndi dzira tsiku lina.

Kanthu kena kamene kamaopseza anthu ndi buku la ku Amereka: mudzaona alemba 130, 180, pamene kamashini kanu kakuonetsa 7 kapena 10. Iwo amayeza mu `mg/dL`, makina ena mu `mmol/L`, ndipo kuno mitundu yonse iwiri imapezeka. Onani zilembo zimene zili pa sikirini, ndipo kuti musinthe gawani ndi 18, ndiye 180 ndi 10 yemweyo.

Tsiku la kiliniki, kaya ndi ku Kamuzu Central kaya kumene anakupezani nawoko, tengani kopelo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo mupemphe kuonana ndi katswiri wa zakudya, musadikire kuti akuuzeni okha poti mzere umakhala wautali. Mufunsenso za Diabetes Association of Malawi. Ngati mwanayo akhale atagula kale buku, litengeni nalonso akalione, akakuchongereni masamba ogwirizana ndi mankhwala amene mukumwa.