Galasi pakati pa mapuleti a kapasita

"Galasi silipitisa magetsi, nanga likweza bwanji kapasitansi ukaliika pakati pa mapuleti?"

Achimwene, galasilo limatsitsa voteji pomwe chaji ya pa mapuleti siisintha, ndiye poti kapasitansi C ndi chaji Q kugawa ndi voteji V, C = Q/V, kapasitansi imakwera. Maelekitironi a m'galasi sachoka m'maatomu awo, amangosendera pang'ono kuloza ku puleti ya pozitivu, mkati chaji za pozitivu ndi negativu zimafafanizana koma pankhope ziwiri za galasi pamatsala chaji yomangika, negativu pafupi ndi puleti ya pozitivu, pozitivu mbali inayo, ndipo imeneyi ndiyo imafooketsa mphamvu yapakatipo.

Tiyese ndi manambala. Kapasita ya 100 pF, mwaichaja pa 12 V nkuchotsa batire, Q ndi 1200 pC. Mwalowetsa galasi la κ = 6, κ ndi nambala yoonetsa kuti galasi limachulukitsa kapasitansi kangati, pankhope pake pabwera 1000 pC yotsutsa, voteji yagwa kufika 2 V, C yakhala 600 pF. Batire ikakhala yolumikizabe voteji siigwa, batire imangothira chaji ina.

Ine nditayesa kunyumba ku Chilenje mita sinafike pa nambala yanga, chifukwa galasi silinadzaze mpata, kampweya kotsala kamadya kwambiri.

Koma kapasita ya mumaikulowevu musaigwire chonde, imasunga chaji yakupha ngakhale mutazimitsa, pitani kwa amisiri a zamagetsi.