MI kapena LL: muyeso uti pofufuza mawu oyendera limodzi?

"Akuluakulu, ndili ndi kopasi ya nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa, mawu pafupifupi 1,000,000. Mu pulogalamu ya AntConc ndikasanja ndi MI pamwamba pakubwera mayina achilendo ndi mawu olembedwa molakwika. Ndikasanja ndi Log-Likelihood pakubwera 'kuti', 'ndi' ndi 'a'. Wolondola ndi uti pa kafukufuku wanga?"

Pulogalamu yanu sinalakwitse, mnzanga. Miyeso iwiriyi imayankha mafunso osiyana. MI, kutanthauza Mutual Information, yomwe Church ndi Hanks anaibweretsa pa ntchito yolemba madikishonale mu 1990, imafunsa kuti mawu awiriwa agwirana mwamphamvu bwanji. LL, kutanthauza Log-Likelihood, yomwe Ted Dunning anaifotokoza mu 1993, imafunsa kuti umboni woti sanakumane mwangozi ndi wochuluka bwanji.

Yonse imayambira pa manambala awiri. O ndi nthawi zomwe mawuwo apezekadi limodzi. E ndi nthawi zomwe akanakumana mawu onse a m'kopasi akanangosakanizidwa ngati nyemba m'lichero. M'masamu ali m'munsiwa, f(x) ndi f(y) ndi nthawi zomwe liwu lililonse mwa awiriwo lapezeka, ndipo N ndi chiwerengero cha mawu onse a m'kopasi.

```
E  = f(x) * f(y) / N
MI = log2(O / E)
LL = 2 * Σ O * ln(O / E)
```

MI imayang'ana malo amodzi okha, pamene mawu onse awiri alipo. LL imaphatikiza zigawo zinayi: pamene onse alipo, pamene pali loyamba lokha, pamene pali lachiwiri lokha, ndi pamene palibe lililonse. Chigawo chilichonse chili ndi O ndi E wakewake, ndipo chigawo chomwe O wake ndi 0 sichiwerengedwa.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongopeka, pa kopasi yaikulu ngati yanuyo, ndipo tiziwerenga mawu oyandikana okha. Poyamba titenge dzina la mlendo ndi dzina la bambo ake. Lililonse lapezeka kawiri, ndipo kawiri konseko ali limodzi. E ndi 0.000004, choncho MI ndi 18.9 pamene LL ndi 56. Kenaka "kupereka moni": tinene kuti "kupereka" alipo ka 400, "moni" ka 100, ndipo akumana ka 60. E ndi 0.04, MI ndi 10.6, LL ndi 814. Pomaliza "kuti anthu": "kuti" ka 10,000, "anthu" ka 8,000, limodzi ka 500. E ndi 80, MI ndi 2.6, LL ndi 1,033.

Mwaona? MI yaika mlendo uja patsogolo ndi "kuti anthu" pambuyo, LL yatembenuza mzere wonse. Koma "kupereka moni", amene mlembi wa dikishonale angamufune, wakhala pakati konsekonse.

Chofooka cha MI chili m'masamu ake enieniwo. Mawu awiri akakhala kuti sasiyana n'komwe, MI yawo imangokhala `log2(N / f)`. Izi zikutanthauza kuti mawu osasiyana opezeka kamodzi amapeza 19.9, pamene mawu osasiyana opezeka ka 100 amapeza 13.3. Amene ali ndi umboni wambiri ndiye akulangidwa. N'chifukwa chake zolakwika za kalembedwe zikudzaza pamwamba pa mndandanda wanu: liwu lolembedwa molakwika limapezeka kamodzi, ndipo liwu lililonse losowa lomwe lagundana nalo limaoneka ngati bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo. Lamulo lija loti MI ya 3 kapena kupitirira ndi yabwino limangonena kuti O yaposa E kasanu ndi katatu. Ndi chizolowezi chabe, ndipo silikutsimikizirani kuti mawuwo mudzawapezanso limodzi m'kopasi ina.

LL nayo imakula limodzi ndi kopasi. Chulukitsani manambala onse a "kuti anthu" kakhumi: MI ikhalabe 2.6, koma LL ifika pafupifupi 10,330, chikhalirecho mawuwo sanagwirane kuposa kale. Motero musayerekeze LL ya kopasi yanu ndi ya munthu wina amene kopasi yake ndi yosiyana kukula. Malire odziwika a LL, amene nambala ikawadumpha timati mawuwo sanakumane mwangozi, ndi 3.84 pa p < 0.05, 6.63 pa p < 0.01, 10.83 pa p < 0.001 ndi 15.13 pa p < 0.0001. Onani kuti zitsanzo zathu zonse zitatu zadumpha malirewa mosavuta, ngakhale mlendo wongopezeka kawiri uja. Chifukwa chake n'chakuti LL imayesa zolembazo pa maganizo oti mawu amangogwa mwachisawawa, pamene galamala yokha imakakamiza kale mawu ena kutsatana. Palinso msampha wina womwe ambiri sauona: LL imakwera ngakhale pamene mawu akupewana. O ikachepa kwambiri poyerekeza ndi E, nambala imatulukabe yaikulu, choncho ngati mukuwerengera nokha mu Excel kapena R, tsimikizani kaye kuti O yaposa E.

Malangizo anga ndi oti LL ikhale sefa, MI ikhale yosanjira. Mu gawo la `Collocate` la AntConc, ikani `Min. Freq` pa 5, kapena pa 10 ngati zinyalala zikadalipo. Kwezaninso `Min. Range` kuti mawuwo apezeke m'mafayilo angapo, chifukwa nkhani imodzi yobwereza mawu omwewo ka 12, kapena chikalata chimodzi chomwe nyuzipepala zingapo zinasindikiza, chimapusitsa miyeso yonse iwiri. Tayani onse amene LL yawo ndi yochepera 15.13, ndasankha malire okhwimawa poti mukuyesa mawu zikwizikwi nthawi imodzi, ndipo pa 3.84 ambiri angadutse mwamwayi. Otsalawo asanjeni ndi MI. Ngati kafukufuku wanu ndi wa galamala, monga mawu otsatira "kuti", kusanja ndi LL n'koyenera, chifukwa mawu aang'onoang'ono aja ndi omwe mukufuna.

Popeza kopasi yanu ndi ya Chichewa, pali vuto lalikulu kuposa kusankha muyeso. Pulogalamu imaona "anapereka", "adapereka", "akupereka", "tipereke" ndi "kupereka" ngati mawu asanu osiyana. Mneni mmodzi akakumana ndi "moni" ka 60 koma m'maonekedwe 20, ambiri mwa maonekedwewo apezeka kawiri kapena katatu. LL ya lililonse imatsika, `Min. Freq` imawadula, ndipo ubale weniweni umasowa pa mndandanda. Chimodzimodzi "mawu" ndi "mau". Njira yabwino ndi kuwabweza onse ku tsinde lawo musanawerengere. Mutha kufufuza ndi `*perek*`, koma samalani: zimenezi zikokanso "kuperekeza", amene ndi mneni wina, ndiye muchotseni pamanja.

Mudzamvanso za muyeso wina, logDice ya mu pulogalamu ya Sketch Engine, ya Pavel Rychlý, 2008. Siyendera kukula kwa kopasi ndipo sipitirira 14, choncho ndi yothandiza poyerekeza makopasi awiri. Komabe pa chitsanzo chathu mlendo uja akupeza 14 yathunthu, "kupereka moni" 11.9, "kuti anthu" 9.8. Nayonso imafuna malire a kuchuluka.

Polemba lipoti, tchulani pulogalamu, kutalika kwa malo omwe munayang'ana kumanzere ndi kumanja kwa liwu, kaya `1R` kapena `5L` mpaka `5R`, ndi malire onse omwe munaika. Mapulogalamu sawerengera E mofanana malowo akakula, motero MI ya 6 ya kuno si MI ya 6 ya uko. Pa tebulo ikani O pafupi ndi MI ndi LL, ndipo mawu 20 apamwamba muwatsegule mu `KWIC` n'kuwerenga mizere yake musanawalembe kuti ndi oyendera limodzi.