Imelo yakale kapena akaunti yatsopano pa foni ya Android?

"Ndagula foni ina ya Android ndipo ikufuna akaunti ya Google. Ndili ndi Gmail imene ndinkagwiritsa ntchito pa foni yakale, koma yadzaza ndi mauthenga achabechabe. Ndilowetse yomweyo kapena ndingotsegula yatsopano?"

Achimwene, lowetsani yakaleyo. Ngati ndi yanuyanu ndipo pasiwedi yake mukuidziwa, palibe chimene mupindule potsegula ina, koma zotaya zilipo zambiri. Adiresi imene ikuthera ndi @gmail.com ndi akaunti ya Google kale, sikuti ndi bokosi la makalata lokha ayi. Manambala a anthu amene munkasunga, zithunzi zimene zinkakwera ku Google Photos, mndandanda wa mapulogalamu amene munatsitsa ku Play Store pamodzi ndi amene munagula, zonsezi zinamangiriridwa ku adiresi imeneyo. Akaunti yatsopano imabwera yopanda kanthu, ndipo Google ilibe njira yophatikizira maakaunti awiri kukhala imodzi. Pulogalamu imene munagula pa akaunti yakale siisamukira ku yatsopano.

Musanayatse n'komwe foni yatsopanoyo, tengani yakale muone zinthu ziwiri. Tsegulani contacts.google.com mulowe ndi Gmail yanuyo. Mukawapeza anthu anu onse pamenepo, mtima m'malo, adzabwera okha. Mukapeza ochepa, ndiye kuti ambiri munkawasunga pa simukhadi kapena m'foni momwemo, ndipo muyenera kuwasamutsira ku akaunti foni yakaleyo ikadali m'manja mwanu.

Chachiwiri ndi WhatsApp, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalira. Pitani ku Settings, kenako Chats, kenako Chat backup. Pamenepo palembedwa adiresi ya akaunti ya Google kumene macheza anu amasungidwa, komanso tsiku limene anasungidwa komaliza. Dinani Back up kuti zaposachedwa zikwerenso. Kuti machezawo abwerere pa foni yatsopano pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: nambala ya foni yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo. Tiyerekeze kuti mwatsegula akaunti yatsopano, mwaika WhatsApp, mwalemba nambala yanu ndipo khodi yabwera bwinobwino. WhatsApp ikafufuza mu akaunti yatsopanoyo sipeza kanthu, ndiye siikufunsani za Restore, imangotseguka. Magulu anu aoneka, koma mkati muli mbee, mauthenga akale mulibe. Sanafufutike, ali ku akaunti yakale ija. Kukonza kwake ndi kuwonjezera akaunti yakale pa foni, kuchotsa WhatsApp, n'kuiikanso kuti funso la Restore lituluke. Koma mauthenga amene afika pakati pa nthawiyi mutha kuwataya, n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi akaunti yoyenera.

Za kudzaza kwa bokosi lanu, tisiyanitse. Ngati mukunena kuchuluka kwa mauthenga otsatsa malonda, limenelo si vuto loti munthu n'kusiyira akaunti. Mu Gmail lembani category:promotions pamalo ofufuzira, sankhani onse, fufutani. Ngati mukunena kuti malo atha, dziwani kuti akaunti yaulere imabwera ndi 15 GB, ndipo malo amenewa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Kuyambira 2024 zosungidwa za WhatsApp nazo zimawerengedwa momwemo. Kawirikawiri amene amadya malo ndi mavidiyo, osati makalata. Pa one.google.com/storage muona chimene chatenga malo ambiri. Malo akatheratu makalata atsopano amasiya kufika ndipo WhatsApp imalephera kusunga, choncho pamenepa pokha musachedwe.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: foni yakale musaigulitse kapena kuifufuta musanamalize kulowa pa yatsopano. Mukalemba pasiwedi pa foni yachilendo, Google nthawi zambiri imatumiza funso ku foni yakale kuti mutsimikize kuti ndinudi, kapena imatumiza khodi ku nambala imene munalembetsa. Ngati nambala imeneyo munaisiya kalekale, isintheni lero pa myaccount.google.com, gawo la Security, pamene mudakali olowa pa foni yakale. Ngati pasiwedi mwaiiwala, ikonzeninso pa foni yakale yomweyo, chifukwa Google imakhulupirira msanga foni imene ikuidziwa kale.

Nthawi yotsegula yatsopano ilipo ndithu. Ngati imelo yakaleyo ndi ya kuntchito kapena ya kusukulu, musaiike kukhala mwini wa foni yanu. Eni ake ndi a kuntchitoko, ndipo tsiku limene mudzachoke adzaitseka, manambala ndi zithunzi zanu n'kupita nayo limodzi. Chimodzimodzinso ngati mumagwiritsa ntchito akauntiyo ndi munthu wina, kapena anakutsegulirani ndi munthu amene mpaka pano pasiwedi akuidziwa. Aliyense wolowa mu akauntiyo atha kuona zithunzi zanu, kuona pamene foni ili, ngakhale kuifufuta ali kutali. Apo sinthani pasiwedi, kapena yambani yanuyanu. Kwa anzathu amene imelo yawo ndi ya Yahoo kapena Outlook, imeneyo payokha si akaunti ya Google, koma mutha kuilembetsa kuti ikhale dzina lolowera: pa accounts.google.com/signup pali posankha Use your existing email. Play Store igwira ntchito, ngakhale simukhala ndi bokosi la Gmail.

Amene mwasankha kutsegula yatsopano, lembani adiresi ndi pasiwedi papepala nthawi yomweyo, mulisunge kunyumba, ndipo muike nambala ya foni yobwezera akaunti. Musalole wina akutsegulireni mothamanga inu osaona zimene walemba. Chifukwa chake ndi ichi. Kuyambira Android 5.1 mafoni ali ndi chitetezo chotchedwa Factory Reset Protection. Foni ikafufutidwa kudzera pa mabatani, monga mmene anthu amachitira akaiwala patani kapena pini, ikayaka imalemba Verify your account ndipo imafuna akaunti imene inali pa foniyo isanafufutidwe. Akaunti ina iliyonse imaikana. Chitetezochi anachiikira akuba, koma sichisiyanitsa wakuba ndi mwini wake woiwala. Foni yanu yomwe, yogula ndi ndalama zanu, imangokhala chikuni. Ndipo mukasintha pasiwedi kumene n'kufufuta foni, mutha kudikira maola 24 isanakuloleni kulowa. Ngati foni mwagulayo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito ndipo ikulemba mawu amenewa musanalowetse kalikonse, vuto si akaunti yanu, ndi ya mwini woyamba, ndipo ndi iye yekha angaichotse.

Ngati mtima ukufunabe adiresi yoyera, foni imalola maakaunti angapo. Yambani ndi yakale, mulole manambala ndi WhatsApp zibwerere, kenako pitani ku Settings, gawo la maakaunti (dzina lake limasiyanako malinga ndi mtundu wa foni), mudine Add account n'kusankha Google. Yatsopanoyo muzilandirirapo makalata ofunika. Posunga nambala ya munthu muziyang'ana kuti ikupita ku akaunti iti, kuopa kuti anthu anu angamwazikane pawiri. Ndipo yakaleyo musaitaye osalowamo: Google inalengeza mu 2023 kuti akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito itha kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili mkati mwake.