Miini, midiyani ndi modi pa tebulo la magulu

"Ndili mu Fomu 4 ndipo ndatumiza chithunzi cha funso la masamu lomwe landizunguza mutu. Tebulo likusonyeza kulemera kwa nkhumba 40 m'magulu, ndipo akufuna miini, midiyani ndi modi. Ndingazipeze bwanji pamene kulemera kwa nkhumba iliyonse payokha sanatipatse? Pa midiyani ine ndapeza 37.5 koma mnzanga wapeza 38.3."

Chithunzi chanu chinatuluka mdima mbali ya kumanja, moti nambala ya pamzere wachiwiri inkaoneka ngati 1 komanso ngati 7. Mizere isanu yooneka bwino ikupereka 33, ndipo poti nkhumba zonse ndi 40, yotsalayo iyenera kukhala 7. Muzichita chimodzimodzi nthawi iliyonse mukamakopera tebulo, chifukwa nambala imodzi yolakwika imaononga mayankho onse atatu. Tebulolo ndi ili, ndipo ndawonjezerapo ndime zitatu za kumanja:

```
gulu     f     x      fx     F
10-19    3    14.5    43.5    3
20-29    7    24.5   171.5   10
30-39   12    34.5   414     22
40-49   10    44.5   445     32
50-59    6    54.5   327     38
60-69    2    64.5   129     40
```

Chilembo f chikuimira chiwerengero cha nkhumba m'gulu lililonse, chimene aphunzitsi amati filikwense.

Kulemera kwenikweni kwa nkhumba iliyonse kunatayika pamene ankaziika m'magulu, ndipo palibe njira yokubwezera. Choncho mayankho onse atatu ndi ongoyerekeza, ndipo lililonse latsamira pa ganizo lake la mmene nkhumbazo zakhalira m'kati mwa gulu.

Pa miini timangotenga ngati nkhumba zonse za m'gulu zikulemera mofanana ndi nambala yapakatikati pa gululo, yomwe ndi x. Pa gulu loyamba timawonkhetsa 10 ndi 19 n'kugawa pawiri, tipeza 14.5, ndiye nkhumba zitatuzo tikuti pamodzi zikulemera makilogalamu 43.5. Tikatero ndi magulu onse, ndime ya fx ikupereka 1530.

```
miini = Σfx / Σf = 1530 / 40 = 38.25
```

Ambiri amaphonya pogawa ndi 6, chiwerengero cha magulu, m'malo mwa 40, ndipo amapeza 255, kulemera kumene palibe nkhumba ya m'tebuloli ingakufike.

Midiyani ndiyo yafunika kuidekhera, chifukwa inu ndi mnzanu nonse mwagwa m'mbuna imodzi ngakhale mwatulukira kosiyana. Tangoganizani kuti nkhumba zonse mwazindandalika kuyambira yopepuka mpaka yolemera kwambiri. Midiyani ndi kulemera kumene kukugawa mzerewo pakati, 20 uku 20 uko. Ndime ya F imawonkhetsa nkhumba pamene tikutsika m'tebulo. Pakutha pa gulu lachiwiri tadutsa nkhumba 10 zokha, pakutha pa gulu lachitatu tadutsa 22, choncho malo a nambala 20 ali m'gulu la 30-39. Kuti tifikepo tiyenera kulowa m'gululo ndi nkhumba zina 10 mwa 12 zimene zilimo, ndipo apa timatenga ngati nkhumba 12 zimenezo zatalikirana mofanana kuchokera poyambira gulu mpaka pothera pake.

Funso n'lakuti, gululi likuyambira pati ndipo ndi lotambalala bwanji? Pamwamba pa tebulo alemba kuti kulemerako analemba ku kilogalamu yathunthu yapafupi. Ndiye kuti nkhumba imene pasikelo inalemera 29.6 inalembedwa 30, ndipo ya 39.4 inalembedwa 39, moti zonse ziwiri zili m'gulu limeneli. Malire ake enieni ndi 29.5 ndi 39.5, ndipo kutambalala kwake ndi 10, osati 9. Mukakayika, werengani ndi zala kuyambira 30 mpaka 39, zala za manja onse awiri zitha.

```
midiyani = L + ((n/2 − F) / f) × c
         = 29.5 + ((20 − 10) / 12) × 10
         = 37.8
```

Apa L ndi malire enieni apansi, c ndi kutambalala, n ndi nkhumba zonse 40, f ndi nkhumba 12 za m'gulu la midiyani, ndipo F ndi nkhumba zonse za m'magulu amene tadutsa tisanafike pa gulu la midiyani, ndiye kuti 10 osati 22. Ndabwereza masamu anu ndipo ndikuona kuti 37.5 wanu wabwera chifukwa munayambira pa 30 n'kutenga kutambalala kwa 9, pamene mnzanu anakhoza pa 10 koma nayenso anayambira pa 30, n'chifukwa chake yankho lake lapitirira ndi theka la kilogalamu. Zolakwa zanu ziwiri zinakokerana mbali zosiyana, mwakuti munayandikira yankho kuposa iye ngakhale munalakwa kawiri.

Musaloweze kuti nthawi zonse timachotsa 0.5. Tebuloli likanakhala la zaka za anthu, gulu la 30-39 likanayambira pa 30 penipeni n'kuthera pa 40, popeza munthu amanenabe kuti ali ndi zaka 39 mpaka tsiku lokwanitsa 40. Komanso magulu akalembedwa ngati 30 ≤ x < 40, malire enieni akupatsani kale.

Mabuku ena amagwiritsa ntchito (n + 1)/2, yomwe pano ndi 20.5. Imeneyo ndi yoyenera manambala akakhala ondandalikidwa payekhapayekha, koma pa magulu ine ndimakonda n/2 chifukwa imagwirizana ndi zimene mungawerenge pa galafu ya F mukajambula mzere kuchokera pa 20. Pa funso lanu 20.5 ikupereka 38.25, kufanana ndendende ndi miini, koma zimenezo zangochitika mwamwayi, musaziyese umboni wakuti mwakhoza.

Modi ndi yachidule. Gulu lokhala ndi nkhumba zambiri ndi 30-39, ndipo funso likangofuna gulu la modi, yankho lathera pomwepo. Akafuna nambala imodzi, timaona mmene 12 akuposera oyandikana naye: akuposa 7 ndi 5, ameneyo ndi d1, ndipo akuposa 10 ndi 2, ameneyo ndi d2.

```
modi = L + (d1 / (d1 + d2)) × c
     = 29.5 + (5 / 7) × 10
     = 36.6
```

Yankholi lapendekera kumtunda kwa gulu, kupitirira 34.5, chifukwa gulu la 40-49 lili ndi nkhumba zambiri kuposa la 20-29 ndiye likukokera modi kumbali yake. Mukapeza nambala yochepera 34.5, dziwani kuti mwasinthanitsa d1 ndi d2.

Njira ya modi imeneyi imagwira ntchito magulu akakhala otambalala mofanana. Wolemba funso akanaphatikiza magulu awiri n'kupanga 40-59, gululo likanakhala ndi nkhumba 16 ndipo likanaoneka ngati lapambana, chonsecho ndi lotambalala kawiri, ndiye pa makilogalamu 10 aliwonse lili ndi nkhumba 8 zokha. Zikatero mumayamba mwagawa f ndi kutambalala kwa gulu lililonse musanayerekeze, ndipo 30-39 likhalabe gulu la modi.

Lembani mayankho anu kuti miini ndi makilogalamu 38.25, midiyani ndi 37.8 ndipo modi ndi 36.6. Miini yakwera pang'ono kuposa zinzake chifukwa cha nkhumba zisanu ndi zitatu zolemera za m'magulu awiri omaliza, zimene miini imawerengera kulemera kwake konse pamene midiyani imangoona kuti zili kumtunda kwa mzere.