Kuwonkhetsa malonda a mwezi umodzi, katundu mmodzi, shopu imodzi mu Excel

"Ndili ndi mashopu awiri, ina ku Chinamwali ina ku Matawale, ndipo zogulitsa zonse ndimalemba mu Excel, tsiku mu A, katundu mu B, shopu mu C, kashi kapena ngongole mu D, ndalama mu E. Ndingadziwe bwanji ndalama za shuga yekha, wa kashi, wa ku Chinamwali, mwezi ndi mwezi? Panopa ndimasefa kenako nkuwonkhetsa pa foni, zikundidyera nthawi."

Mayi, foniyo ipumeko, ntchito imeneyi ndi ya SUMIFS. Mumaiwuza kaye kolamu ya ndalama, kenako mumaipatsa zinthu ziwiriziwiri, kolamu yoti iyang'anemo ndi chomwe ikufunamo, ndipo mzere umalowa mu totala pokhapokha wakwanitsa zonse, ukaphonya chimodzi basi watsala. Za shuga, shopu ndi kashi nzosavuta. Pomwe ambiri amakakamira ndi pa mweziwo.

Excel sasunga tsiku ngati mawu, amalisunga ngati nambala, 1 Malichi 2024 kwa iye ndi 45352, ndiye mukalemba "Malichi" mu fomula sapeza kanthu, komanso MONTH(A:A) mkati mwa SUMIFS amakana. Mwezi mumaupanga ndi malire awiri, kuyambira pa 1 mwezi umenewo, osafika pa 1 mwezi wotsatira. Ikani tsiku lenileni la 1 Malichi 2024 mu H1, la 1 Epulo mu I1 ndi kumapitiriza choncho, mayina a katundu muwatsitse mu G kuyambira ndi shuga mu G2, ndiye mu H2 mulembe izi:

```
=SUMIFS($E:$E,$A:$A,">="&H$1,$A:$A,"<"&EDATE(H$1,1),$B:$B,$G2,$C:$C,"Chinamwali",$D:$D,"kashi")
```

EDATE(H$1,1) ikungokankha tsikulo ndi mwezi umodzi, kutanthauza 1 Epulo. Ena amakonda "<=" ndi EOMONTH, zimagwira, koma ine ayi, chifukwa ngati masiku anu ali ndi nthawi yomwe, zogulitsa za pa 31 masana zimakhala zapitirira malirewo ndipo zimasowa osadziwa. Muone bwinonso pomwe pali &. Mukalemba ">=H1" zonse mkati mwa timakoteshoni, Excel amafunafuna mawu oti H1 ndipo akupatsani 0 osadandaula nkomwe. Ma $ aja ndi oti mukakokera fomulayo kumanja mwezi uzisintha, mukakokera pansi katundu azisintha, zinazo zikhale pomwepo.

Tiyese ndi mizere isanu yongopeka, yonse ya ku Chinamwali. Pa 28 Febuluwale shuga wa kashi K40,000, pa 1 Malichi shuga wa kashi K60,000, pa 15 shuga wa ngongole K25,000, pa 20 sopo wa kashi K18,000, pa 31 shuga wa kashi K35,000. Woyambawo wagwa chifukwa cha mwezi, wachitatu chifukwa ndi ngongole, wachinayi si shuga, yatsala iwiri ndipo H2 ikuyenera kuonetsa 95,000. Yesani kaye ndi tochepa tomwe mungawerenge pamtima musanakhulupirire pa mizere yonse.

Tsopano fomula itha kukhala bwinobwino koma totala nkuchepa, ndipo kawirikawiri vuto limakhala masikuwo. Malaputopu ambiri amabwera atatcheredwa zachimereka, mwezi kutsogolo tsiku pambuyo, pomwe ife timayamba ndi tsiku. Mukalemba 05/03/2024 mukutanthauza 5 Malichi iye amva 3 Meyi, ndalama zija zapita mwezi wina. Mukalemba 15/03/2024, poti kulibe mwezi wa 15, amangousiya ngati mawu ndipo SUMIFS imaudumpha. Mudzaona masiku ena atatsamira kumanzere kwa selo ena kumanja, akumanzerewo ndi mawu. Kuti mutsimikize yerekezani =COUNT(A2:A500) ndi =COUNTA(A2:A500), woyambayo amawerenga manambala okha, winayo chilichonse, zikasiyana ndiye kuti alipo masiku abodza. Akonzeni ndi Text to Columns posankha DMY, koma masiku a pa 1 mpaka 12 muwayang'anebe ndi buku la mu shopu ngati sanatembenuke. Kenako sinthani Region pa kompyutapo zisabwerezenso.

China ndi kalembedwe ka anyamata a mu shopu. "Shuga" ndi "shuga" Excel amawatenga ngati amodzi, koma "shuga " wokhala ndi kampata kumapeto, kapena "suga", ndi katundu wina. Ikani Data Validation pa B, C ndi D azingosankha pa mndandanda.

Mukafuna kashi ndi ngongole pamodzi musawonjezere D kawiri mu fomula imodzi, mzere sungakhale zonse ziwiri ndiye mupeza 0. Ingochotsani $D:$D,"kashi" yonseyo pamodzi ndi koma yomwe ili pakati pa "Chinamwali" ndi $D:$D, pa mizere yathu ija H2 ikhala 120,000.