Kusonkhetsa maphunziro a zachuma papepala limodzi

"Zolemba za semesita yonse zandichulukira. Ndingalumikize bwanji zofuna ogula, katundu wa ogulitsa ndi mfundo za boma papepala limodzi?"

Achimwene, musatsate ndondomeko ya masabata a m'kalasi. Sankhani katundu mmodzi, monga chimanga, ndipo lembani mtengo wake pakati pa pepala. Kumanzere ikani zosintha zofuna ogula, monga ndalama zomwe amapeza ndi mtengo wa chinangwa. Kumanja ikani zosintha zokolola, monga mvula ndi feteleza. Boma likhale pamwamba.

Lumikizani zonsezi ndi mivi. Muvi uliwonse ukhale ndi mneni komanso chizindikiro cha + kapena −. Muvi wopanda mawu sudzakukumbutsani kanthu pa mayeso.

Ambiri amalakwitsa mivi ya boma, poiloza yonse pa mtengo. Sabuside ya feteleza simafika pa mtengo mwachindunji. Imachepetsa zomwe mlimi amawononga, zokolola zimachuluka, kenako mtengo umatsika, choncho muvi wake udutse kumanja. Koma mtengo wochepetsetsa womwe boma limalengeza umagunda mtengo weniweniwo. Tiyerekeze kuti msika wakhazikika pa K500 pa kilogalamu ndipo boma lati K700: alimi abweretsa chambiri, ogula achepetsa, chimanga chitsala pokhapokha ADMARC itagula. Boma likati K400, palibe chosintha, ndipo muviwo mujambule wodukizadukiza.

Mivi yochokera pa mtengo kubwerera kwa ogula ikhale ya mtundu wina wa inki, chifukwa kumeneko ndi kuyenda pamzere womwewo wa zofuna ogula pa galafu, osati kusuntha mzere wonse.